Kunenerera njinga yamoto yoyendapo kale

Wodziwa njinga amafika kwa mwini wake m'mamawa, ndipo akangopatsana moni amayika dzanja pa injini. Ikakhala yofunda ndiye kuti yalizidwa kale, mwina pofuna kubisa kuti ikagona imavuta kulira.

Tiyerekeze kuti ndi Boxer yomwe yachita kabaza zaka ziwiri ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo mwini wake akufuna K2,000,000. Kudandaula kuti zinthu zavuta sikutsitsa mtengo, pakuti zavutanso kwa wogulitsayo. Chimene chimamufewetsa ndi vuto loti aliona yekha ndi maso, lodziwika ndalama zokonzera.

Wogula amayamba ndi utsi. Ukamatuluka wabuluu injini itatentha, ndiye kuti oyilo akupsera limodzi ndi petulo, ndipo kawirikawiri maring'i a pisitoni amakhala atatha. Apa makaniko ayenera kutsegula injini. Kenako amanjuta n'kukoka tcheni kumbuyo kwa sipuroketi. Chikanyamuka mpaka mano kuonekera, manowo atasongoka ngati minga, zonse zatha. Tcheni ndi masipuroketi awiriwo zimasinthidwa pamodzi, chifukwa tcheni chatsopano sichikhalitsa pa mano akutha. Mita ya makilomita asaikhulupirire kwenikweni: pa njinga zambiri za kabaza waya wake unaduka kalekale.

Koma nkhani yaikulu ili pa mapepala. Njinga zina zinalowa kuchokera ku Mozambique kapena ku Zambia osalipira msonkho ku MRA, ndipo sizinalembetsedwe ku Road Traffic. Yotereyi imaoneka yotchipa, koma msonkho ndi kulembetsa zidzagwera wogula. Ngati bulubuku ilipo, nambala ya tchesisi ndi ya injini zifanane ndi zolembedwamo, dzinanso lifanane ndi la pa chiphaso cha wogulitsa. Nambala ikaoneka yopalidwa, palibenso zonenerera. Njingayo ikhoza kukhala yobedwa, ndipo apolisi akaipeza wogula amataya njinga ndi ndalama zomwe.

Wanzeru amakhala atafunsiratu mitengo ya masipeya, kapena amabwera ndi makaniko wake. Tinene kuti za mu injini zikufuna K120,000, tcheni ndi masipuroketi K60,000, tayala lakumbuyo K70,000. Amalankhula mwaulemu, osainyoza njinga, poti mwini wake wadyerapo:

"Achimwene, njingayi ndaikonda. Koma utsi mwauona nokha, tcheninso ndi ichi. Kuti ndiyambe kuyendera, ndilowetsapo K250,000. Ndiye ine ndili ndi K1,700,000, pompano."

Wayambira pansi pang'ono kuti mwini njinga apeze pokwezera. Akatero amakhala chete, osathamangira kuwonjezera. Mwiniyo akati tayala likadayendabe, n'kutchula K1,800,000, wogula akhoza kuvomera za tayalazo koma n'kulimbikira pa za injini.

Akagwirizana amalemberana kalata yokhala ndi manambala a njingayo, mtengo, tsiku ndi mboni ziwiri. Gawo lina la ndalama limatsala m'thumba la wogula mpaka tsiku limene onse awiri adzapite ku Road Traffic kukasintha umwini.