Dzanja lozolowera poto wamkulu

Wophika wa m'kantini amene amadyetsa anthu mazana tsiku lililonse angathe kulephera mayeso ophikira anthu awiri okha. Vuto limakhala dzanja: linazolowera kuthira mchere ndi chikhatho m'poto wamkulu, ndipo likafika pa sefuliya yaing'ono limapyoza muyezo. Izi ndi zimene mayi wina, wophika wamkulu m'kantini ya pafakitale, anatsindika polembera mtsikana amene amagwira naye ntchito, yemwe ankakonzekera mayeso ophika pamaso pa woyesa.

"Achemwali," unayamba motero uthengawo, "sabata ino muziphika mbale ziwiri zokha kunyumba, ndipo chilichonse muziyeza. Kapu imodzi ya mpunga, makapu awiri a madzi, theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Ukawira, chepetsani moto, vindikirani, muusiye mphindi 15 mpaka 20 osavundukula. Mukamva fungo lopserera pamene njere zikadali zolimba, dziwani kuti moto unachuluka, madzi anauma mpunga usanapse."

Mbali imene mayiyu anakhalitsapo ndi ya nthawi, ndipo pamenepa ndikugwirizana nawo kwathunthu, chifukwa chakudya chokoma chofika mochedwa chimataya malikisi. Iwo anati nthawi iziwerengedwa chobwerera m'mbuyo. "Tiyerekeze akupatsani nkhuku, mpunga ndi mpiru, kuyamba 10 koloko, mbale patebulo 12 koloko. Kupakula ndi 11:50. Mpiru umangofuna mphindi zochepa, choncho ulowe 11:40 kuti ufike uli wobiriwira. Mpunga ukhale pamoto 11:15, upeze mpata wokhazikika mukauphula. Nkhuku ndiyo yoyamba, 10:30: kazingani ifiire, kenako ibwate mu msuzi kwa theka la ola. Koma yang'anani kaye nkhukuyo. Ikakhala yachikuda imapitirira ola isanafewe, ndiye iikeni pamoto mukangolowa. Zonsezi mulembe papepala, mulimate pamene mukuliona."

Woyesa sadikira mbale yomaliza. Amaona ngati mwasamba m'manja ndi sopo mukatha kugwira nkhuku yaiwisi, komanso ngati mpeni ndi thabwa zimene mwadulira nkhuku zapita pa tomato zisanatsukidwe. Cholakwa chimenechi n'chachikulu, poti tizilombo ta m'nyama yaiwisi timadwalitsa anthu m'mimba.

Nanga nkhuku yapsa kapena ayi? "Musakhulupirire khungu lofiira," anachenjeza. "Bayani ntchafu pafupi ndi fupa. Madzi akatuluka oyera, yapsa. Akatuluka ndi kamagazi, ibwezereni pamoto. Ngati pali choyezera kutentha, chilowe pamnofu wochindikala osakhudza fupa, chisonyeze madigiri 75. Lawani msuzi ndi sipuni yoyera, ndipo sipuni imeneyo isabwererenso m'poto. Mchere ukachepa muwonjezera, koma ukachuluka pa msuzi wa anthu awiri mudzafunika tomato ndi madzi ena kuti muusungunule, pamene nthawi yake mulibe."