Kuti agogo afotokoze momasuka pa kamera

Amene akufuna kujambula agogo okumbukira njala ya 1949 ayambe wawachezera wopanda kamera. Akalonjere kwa amfumu, akhale pamphasa, amve nkhani zimene agogowo amakonda kukamba. Mafunso abwino amachokera pamachezawo.

Mafunso asanu akukwana, ndipo ayambire pa zopepuka. Funso lakuti “Kodi njala inali yoopsa?” limangobala yankho lakuti “Eya.” Koma mukati, “Agogo, tatiuzani, chimanga chitatha m'nkhokwe munkadya chiyani?” mwawatsegulira njira. Atchula zikhawo za nthochi, nyika kapena gaga, ndipo funso lotsatira lituluke m'mawu awo omwewo: “Zikhawozo munkazikonza bwanji?” Za imfa ya abale musunge kumapeto, akazolowera.

Musawapatsiretu mafunso kuti aloweze, chifukwa mawu amauma. Auzeni mitu yokha, ndi kumene kanemayo akaonetsedwe, kuti avomere akudziwa.

Pojambula, akhazikeni pamthunzi wa khonde, kuwala kuziwafika kumaso osati kumsana. Kamera ikhale pamwendo wake, molingana ndi maso awo. Wofunsa akhale pambali penipeni pa kamerayo kuti agogo aziyang'ana munthu. Maikolofoni yaing'ono ikoledwe pachovala chapachifuwa, ndipo chigayo chikayamba kulira, dikirani.

Chovuta kwambiri n'chizolowezi chathu chovomereza kuti “eee” wina akamalankhula. Mawuwo amalowa m'kanema ndipo sachotseka mosavuta, choncho ingogwedezani mutu. Agogo akakhala chete musathamangire funso lina, pakuti nthawi zambiri amakhala akukumbukira dzina la mudzi kapena la munthu, ndipo apitiriza okha.