Phewa Likakana Kukweza Mkono: Ndi Ululu Kapena Mphamvu Zatha?

Tiyerekeze mmisiri womanga nyumba wa zaka 55 amene wafika kuchipatala akudandaula phewa lamanja. Akamapaka pulasitala pamwamba limamupweteka, usiku satha kugonera mbali imeneyo, ndipo kuvala malaya ndi ntchito. Dokotala ali ndi funso limodzi lalikulu: kodi mtsempha wa m'phewamo ukungopanikizika, kapena wang'ambika?

Mutu wa fupa la mkono ndi wobulungira, koma kambale kamene umakhalamo n'kosaya. Chimene chimaugwira kuti usaguluke ndi minofu inayi yochokera pa fupa lathyathyathya la kumsana kwa phewa, imene mitsempha yake imakuta mutuwo. Pamwamba pali supurasipinatasi, wothandiza kukweza mkono cham'mbali. Kumbuyo kuli infurasipinatasi ndi teresi mayina, opotolera mkono kunja. Kutsogolo kuli sabusikapyularisi, wopotolera mkono m'kati, monga munthu akamapisa malaya m'thalauza kumsana. Mnofu waukulu umene timauona paphewa ukamakoka mkono, inayiyi imakanikiza mutu wa fupa m'malo mwake kuti usakwere.

Wovutika kwambiri ndi wapamwambayo. Mtsempha wake umadutsa pakampata kopanikiza pansi pa fupa lotchedwa akoromiyoni, limene lili ngati denga la phewa. Ukatupa, kapena kathumba ka madzi kamene kali pamwamba pake kakatupa, umakhuzika pafupapo monga chimachitira chingwe pamilomo ya chitsime. Dokotala wa ku America, Charles Neer, ndiye anafotokoza bwino vutoli mu 1972.

Kupima kumayamba ndi wodwalayo kukweza yekha mkono cham'mbali. Ngati ululu ukuyamba cha pa madigiri 60 n'kuleka akadutsa 120, ndiye kuti mtsempha ukupweteka pomwe ukudutsa pansi pa fupalo. Kenako dokotala amagwira phewa ndi dzanja limodzi, n'kukweza mkono wowongoka kutsogolo mpaka pamwamba, chala chachikulu chitaloza pansi. Njira ina, ya Hawkins, ndi yokweza mkono mpaka mulingo wa phewa, kupinda chigongono, n'kupotolera dzanja pansi. Mmisiri uja akakwinya nkhope pa zonsezi, tadziwa kuti pali chotupa kapena chopanikizika. Sitinadziwe ngati pang'ambika, chifukwa mtsempha wong'ambika nawo umapweteka chimodzimodzi.

Chosiyanitsa ndi mphamvu. Dokotala amamukwezera mkono mpaka mulingo wa phewa n'kumuuza kuti autsitse pang'onopang'ono. Ukangogwa wokha, ng'anjo ya pa supurasipinatasi ndi yaikulu ndithu. Pofuna kuona minofu yakumbuyo, chigongono chimakhala m'nthiti chitapindidwa, dokotala amatembenuzira dzanja kunja n'kulisiya. Likabwerera lokha chakumimba, mtsempha sukugwira. Wakutsogolo uja amauyesa ndi njira imene Christian Gerber wa ku Switzerland anafotokoza mu 1991: wodwala amaika kumbuyo kwa dzanja pamsana, cham'chiuno, n'kuyesa kulichotsapo molikankhira kumbuyo. Amene sangafikitse dzanja kumsana amauzidwa kukanikiza mimba ndi chikhatho, ndipo chigongono chikathawira kumbuyo, mnofuwo wafooka.

Pali msampha pamenepa. Ululu wokha umatha kufooketsa mkono. Munthu amaleka kulimbana ndi dzanja la dokotala poopa kupweteka, ngakhale mtsempha uli wathunthu. N'chifukwa chake nthawi zina amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pakampata kaja n'kupimanso patapita mphindi zochepa. Mmisiri wathu ululu ukamuchoka, mphamvu n'kubwerera, vuto lake ndi kupanikizika, ndipo thandizo loyamba ndi kupumitsa ntchito zokweza manja pamwamba, mankhwala ochepetsa kutupa ndi mafizo olimbitsa minofuyo. Ululu ukachoka koma mkono n'kumagwabe, ndiye kuti mtsempha wang'ambika. Ngati phewa likukana kuyenda ngakhale pomwe dokotala akuliyendetsa yekha, nkhani ndi ina: mfundoyo yauma, zimene zimachitika kawirikawiri kwa odwala shuga.

Ambiri amaumirira ekisire, koma iyo imaonetsa mafupa basi. Mitsempha imaoneka pa sikani, yonga ija amaunikira amayi oyembekezera. Komabe chithunzi pachokha sichigamula mlandu, pakuti okalamba ambiri ali ndi mitsempha yong'ambika imene siwapweteka n'komwe, ndipo ng'anjo yaing'ono imatha kubisala pa kupima kwa manja. Dokotala wodziwa ntchito amaphatikiza njira zingapo, msinkhu wa munthuyo ndi m'mene vutolo linayambira.

Kayambidweko ndi kamene kamasonyeza changu chofunika. Phewa limene layamba kupweteka pang'onopang'ono likhoza kupatsidwa miyezi ingapo ya mafizo. Koma munthu amene wagwa, tinene panjinga kapena pamakwerero, n'kulephera kukweza mkono kuyambira tsiku lomwelo, ayenera kuonana ndi dokotala wa mafupa mwamsanga ngakhale ekisire itaonetsa kuti palibe fupa lathyoka. Mtsempha woduka umanka nufupika, mnofu wake n'kumasanduka mafuta, ndipo pakapita miyezi yambiri kuusokerera pafupa kumavuta, mwinanso osathekanso.