Diresi la Pachithunzi, Thupi la Mwini Wake

Mlongo wanga ndi telala, ndipo makasitomala ake ambiri amafika atanyamula foni. "Mayi, ndisokereni ngati ili," amatero, akuloza diresi lomwe wavala mtsikana wina wamtali pachithunzi. Chitenje chikadulidwa, diresi n'kusokedwa, m'pamene amazindikira kuti thupi lawo si la mtsikana uja. Mwezi watha tinakhala pa kompyuta madzulo atatu, kuyesa kuchotsa diresi pachithunzi chotere n'kuveka kasitomala wina, mayi wamfupi wonenepa bwino yemwe anatilola kugwiritsa ntchito chithunzi chake. Tinkafuna adzione yekha sizasi isanakhudze nsalu.

Ambiri amaganiza kuti kompyuta imadula chovalacho n'kuchimata pa munthu winayo. Njira zoyambirira zinali pafupi ndi zimenezo. Ya VITON, yomwe akatswiri a pa yunivesite ya Maryland ku America anaionetsa mu 2018, inkakoka ndi kupinda chithunzi cha chovala kuti chilingane ndi thupi, ndipo munthu akapinda mkono, chovala chinkaoneka ngati chasungunuka. Mapulogalamu a masiku ano, monga Stable Diffusion yomwe inatuluka mu 2022, samata kanthu. Amajambula chovala chatsopano. Amayamba ndi timadontho tobalalika, ngati timene timadzaza wailesi yakanema ikataya siteshoni, n'kumatisalaza pang'onopang'ono, kawirikawiri maulendo 20 mpaka 30, mpaka diresi litatulukira. Chithunzi chimene mwabweretsa chija chimangolondolera dzanja la wojambulayo. Mukagwira mfundo imeneyi, zolakwika zonse zimene tinakumana nazo zimamveka.

Tinagwiritsa ntchito ComfyUI, pulogalamu yaulere yomwe umalumikiza timabokosi ta ntchito ndi timizere, ngati mawaya a magetsi. Ntchito yoyamba inali kupaka utoto pachithunzi cha kasitomala, pamalo onse amene kompyuta ikuloledwa kusintha. Malo opakidwawa pa sikirini amatchedwa `mask`. Nkhope, manja ndi khoma lakumbuyo sitinazikhudze, choncho zinatsala mmene zinalili.

Apa m'pamene tinapunthwa koyamba. Mayiyo anajambulitsa atavala bulauzi yothina ndi siketi, ndipo ife tinapaka zovala zakezo basi, kutsata m'mphepete mwake mosamala kwambiri. Koma diresi lomwe ankafuna linali la manja otukumuka, lotambasuka m'munsi ngati ambulera. Kompyuta ilibe chilolezo chojambula kunja kwa malo opakidwa, ndiye inapanikiza diresi lonse m'kati mwa bulauzi ndi siketi zija. Manja otukumuka anasowa. Mlongo wanga anayang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Ili si lija." Tinapakanso, ulendo uno mokuza, kuphatikiza mapewa, mikono mpaka m'zigongono ndi mpata wa m'mbali mwa miyendo. Malo opaka ayenera kuyezedwa ndi chovala chimene chikubwera, osati chimene chikuchoka.

Koma ukapaka malo aakulu chonchi, wafufutanso thupi, ndipo kompyuta imayamba kulota thupi lakelake. Kasitomala wathu anatuluka ali ndi chiuno chopyapyala chomwe alibe. Mankhwala ake ndi ControlNet, chida chomwe Lvmin Zhang ndi anzake a ku Stanford anatulutsa mu 2023. Chimatenga kaimidwe ka munthu pachithunzi choyambirira n'kukakamiza wojambula kuti akatsate. Mtundu wa OpenPose umangolemba mafupa, timizere tolumikiza mapewa, zigongono ndi mawondo, motero umasunga kaimidwe koma sudziwa kuti munthuyo ndi wonenepa. Ife tinapindula titawonjezera mtundu wa `depth`, womwe umasonyeza mbali za thupi zimene zili pafupi ndi kamera ndi zimene zili kutali. Nawonso uli ndi vuto lake: umasunganso maonekedwe a chovala chakale, choncho tinachepetsa mphamvu yake kufika chapakati.

Nanga diresi lenilenilo limalowa bwanji? Limadutsa mu IP-Adapter, chida cha kampani ya Tencent ya ku China, cha mu 2023 momwemo. M'malo mofotokoza chovala ndi mawu, umachionetsa chithunzi. Pali manambala awiri amene tinalimbana nawo usiku wonse wachiwiri. Ya `weight` imanena kuti chithunzi cha diresi chimveredwe motani. Titaika 0.4, panatuluka diresi la mtundu wofanana koma la sitayilo ina. Pa 1.0 chithunzicho chinalamulira mopitirira, moti khungu loyera la mtsikana uja linayamba kuoneka pakhosi pa kasitomala wathu. Tinakhazikika pa 0.8, titayamba tafufuta mtsikanayo pachithunzi n'kusiya diresi lokha pamalo oyera. Nambala inayo, `denoise`, imanena kuchuluka kwa zakale zoti zifafanizidwe. Pa 0.5 mabatani a bulauzi yakale ankaonekabe pansi pa diresi. Tinakweza kufika pafupi ndi 1.0.

Chimene chinatipweteka mtima ndi maluwa a chitenje. Chitenje cha pa diresilo chinali ndi mbalame zachikasu zouluka m'kati mwa mabwalo obiriwira. Chotuluka chinali ndi chikasu ndi kubiriwira komweko, mabwalo analipo, koma mbalame zinasanduka timasamba topindika. Chifukwa chake n'chakuti IP-Adapter isanaone chithunzi, chimayamba chadulidwa kukhala chofanana mbali zonse zinayi n'kuchepetsedwa kufika timadontho 224 m'litali ndi 224 m'lifupi. Diresi lalitali likhoza kudukiratu khosi ndi mpendero wake pamenepo, ngati simunawonjezere malo oyera m'mbali. Ndiponso pa kukula kumeneko mbalame imodzi imatsala timadontho towerengeka. Kenako chithunzi chonse chimafupikitsidwa kukhala timagulu tinayi ta manambala, kapena 16 pa mtundu wa Plus. Zili ngati kuuza telala pafoni kuti nsalu ndi yachikasu, ya mabwalo, ya tinthu touluka, n'kumuuza kuti aijambule. Malaya a mtundu umodzi amadutsa bwinobwino. Chitenje, makamaka cha zilembo ngati cha mpingo kapena cha chikondwerero, sichidutsa. Zilembozo zimatuluka zosawerengeka.

Usiku wachitatu tinayesa IDM-VTON, ya mu 2024, yopangidwa ndi akatswiri a ku South Korea pa ntchito yoveka anthu yokhayi. Iyo imasunga IP-Adapter kuti igwire sitayilo, koma ili ndi njira yachiwiri yomwe imalowetsa chithunzi cha chovala chikadali chachikulu. Mbalame zinabwerera pachifuwa ndi pamimba, ngakhale m'mapindo a m'munsi zinasokonekerabe. Sindinadabwe. Mulu wa zithunzi wa VITON-HD, womwe mapulogalamu ambiri otere amaphunzirirapo, uli ndi zithunzi zoposa 13,000 za akazi oyang'ana kutsogolo atavala zovala zakumtunda zokha. Diresi lotambasuka la chitenje pa thupi la mayi wa kuno ndi mlendo kumeneko.

Pofuna kudziwa ngati chithunzi chanama, mlongo wanga sayang'ana nkhope. Amakulitsa pamene mkono wadutsa pamimba, chifukwa zala zimamira mu nsalu kapena kuchuluka. Amayang'ana ngati mthunzi wa pa diresi ukugwera mbali imodzi ndi wa pankhope. Amawerenganso maluwa: pa nsalu yeniyeni duwa limabwerezeka lofanana ndendende, pomwe la kompyuta lililonse limasiyanako.

Chinthu chimodzi sindigonjerapo: chithunzi cha munthu musachiveke chovala iye asanavomere, chifukwa zida zomwezi n'zimene ena amanyazitsira nazo atsikana.

Kasitomala uja tinamuonetsa chithunzi chake Loweruka m'mawa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti manja otukumukawo akumukulitsa mapewa, awachepetse. Mlongo wanga anavomera, kenako anatenga tepi n'kuyamba kumuyeza pachifuwa, m'chiuno ndi m'litali, poti kompyuta sinamuuze inchi ngakhale imodzi.