Madola awiri patsiku: ndani aone malonda anu pa Facebook?

Amene ali ndi tsamba la bizinesi pa Facebook amalidziwa batani lolembedwa kuti Boost post. Ambiri amalidina, n'kulipira, mawa lake n'kupeza anthu mazana atasonyeza kuti akonda chithunzicho, koma wofunsa mtengo palibe. Chachitika n'chakuti Facebook yapereka chomwe yapemphedwa. Mukaiuza kuti mukufuna anthu okonda zithunzi, imakusakirani amene chala chawo sichichedwa kudina, ndipo oterowo si kawirikawiri kukhala ogula.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe amene amaphika makeke a zinkhoswe ndi masiku obadwa. Wapatula madola 14. Tikuwerengera m'madola chifukwa kwa ife kuno malipirowa amayenda m'ndalama zakunja, kudzera pa khadi la Visa kapena Mastercard, choncho ndi bwino kuyamba mwafunsa kubanki ngati khadi lanu likuloledwa kulipira kunja.

Choyamba asankhe cholinga. Keke sagula pongodina. Wogula amafuna kukambirana za kukula kwake, tsiku ndi mtengo. Cholinga choyenera ndi mauthenga, kuti woona malondawo akadina afikire pa WhatsApp kapena Messenger ya mayiyo.

Kenako ndalama. Mu Ads Manager muli njira ziwiri: Daily budget, yomwe ndi ya patsiku, ndi Lifetime budget, yomwe ndi ndalama zonse za nthawi imene malondawo ayende. Ya patsiku ili ndi msampha wake. Facebook imatha kupitirirako tsiku lina n'kuchepetsa tsiku linzake, ndipo mukaiwala kuika tsiku lomaliza imangodulabe mpaka khadi litauma. Kwa mayi wathu ndi bwino kuika madola 14 onsewo pa masiku 7, pafupifupi madola awiri patsiku. Kuthira zonse pa tsiku limodzi n'kutaya, chifukwa makinawo amafuna masiku angapo kuti azindikire mtundu wa anthu amene akuyankha. Pa chifukwa chomwechi, asamangosinthasintha chithunzi kapena mawu m'mawa uliwonse, poti kusintha kwakukulu kumachititsa makinawo kuyambiranso kuphunzira.

Pamene pagona nkhani ndi posankha malo. Kusankha Malawi yense kumakoma m'maso chifukwa chiwerengero cha anthu chimaoneka chachikulu, koma keke ya ku Area 25 singafike ku Karonga ili yabwino. Munthu wa ku Nsanje akaona malondawo, mayiyo walipira kale ngakhale kuti sadzamugulitsa kanthu. Aike chizindikiro pamapu pomwe pali nyumba yake, n'kutambasula mtunda wa makilomita 10 kapena 15, malinga ndi komwe wakabaza angafikitse keke pa mtengo wopirika. Zaka aike kuyambira 24 mpaka 50, amuna ndi akazi omwe, poti abambo nawonso amagulira ana awo makeke.

Palinso malo osankhirapo zokonda za anthu, monga maukwati kapena zophikaphika. Ine ndimati pa dera laling'ono chotere asiye osadzazamo. Zokondazi Facebook imangoziyerekeza kuchokera pa zimene munthu amadina, ndipo wokonda zophikaphika akhoza kukhala mnzake wophika makeke, osati wogula. Mukapanikiza malo, zaka ndi zokonda nthawi imodzi, gulu limachepa kwambiri, anthu omwewo n'kumaona malonda anu mobwerezabwereza mpaka kutopa nawo. Dziwaninso kuti Advantage+ audience ikakhala yoyatsa, zambiri zimene mwasankha Facebook imazitenga ngati maganizo chabe ndipo imatha kupitirira, koma malo imawalemekeza. N'chifukwa chake mapu ndi ofunika kuwasamala kuposa zonse.

Pakatha masiku atatu, ayang'ane zinthu ziwiri. Frequency imasonyeza kuti munthu mmodzi waona malondawo kangati; ikakwera msanga kupitirira katatu uku mauthenga akuchepa, ndiye kuti dera lachepa, alitambasule. Cost per result ndi mtengo wa uthenga umodzi. Tinene kuti sabata yatha atalandira mauthenga 28: uliwonse wamudyera theka la dola. Komabe chiwerengero chenicheni sichili pa Facebook, chili m'kope lake la maoda. Ngati mwa anthu 28 aja agula anayi, wogula aliyense wamupeza ndi madola atatu ndi theka. Phindu la keke imodzi likaposa pamenepo, abwerezenso sabata yamawa. Ngati ambiri angofunsa kuti "ndi zingati?" n'kusowa, vuto si mapu ayi. Alembe mtengo woyambira ndi dzina la dera pa malonda pomwepo, kuti ongofunsa adzisefe okha asanamudyere ndalama.