Akakolo Amaphunzira pa Mwendo Umodzi

Vulani nsapato, imani pafupi ndi khoma, kenaka nyamulani mwendo umodzi. Posakhalitsa phazi lotsala pansilo liyamba kugwedera, zala zikukanirira pansi. Musadandaule, kugwederako ndiye ntchito imene tikufuna.

M'minofu ndi m'minyewa yozungulira akakolo muli timitsempha tomwe timauza ubongo mmene phazi lakhalira, ngakhale simukuliyang'ana. Madokotala amatcha luso limeneli propriosepushoni. Thupi likapendekera kunja, timitsemphato timamva kukokeka, ndipo minofu ya m'mbali mwa katumba imalibweza msanga munthu asanaganize n'komwe.

Wosewera mpira akabinya phazi, kawirikawiri limapindikira m'kati, minyewa yakunja kwa akakolo n'kuvulala limodzi ndi timitsemphato. Kutupa kukatha iye amayesa wachira, komatu uthenga wopita ku ubongo ukadali wosokonekera. N'chifukwa chake ambiri amabinyanso phazi lomwelo.

Yambani ndi masekondi 30 mwendo uliwonse, katatu, tsiku ndi tsiku, bondo litapindika pang'ono. Zikayamba kuphweka, tsinzinani. Apa mpamene mudziwe zoona, chifukwa maso amabisa kufooka kwa akakolo, ndipo phazi lomwe linavulala limafulumira kutaya mtima kuposa linzake. Pambuyo pake imani pa pilo. Mphamvu zenizeni za katumba zokha musaziyembekezere pano, zimafuna kunyang'ama mobwerezabwereza.

Ngati phazi likupweteka moti simungaponde, kapena mumachita chizungulire, kapena mapazi achita dzanzi chifukwa cha shuga, yambani mwaonana ndi achipatala.