Mmene mungasiyire inshuwalansi imene inabwera ndi akaunti ya ku banki

Anthu ambiri amene amalandirira malipiro ku banki kuno ku Tete anasaina mapepala ambirimbiri tsiku lotsegula akaunti. Pakati pa mapepalawo nthawi zina pamakhala phukusi la mwezi ndi mwezi: khadi, mauthenga a pafoni ndi inshuwalansi ya maliro, zonse pa mtengo umodzi. Kusiya kugwiritsa ntchito khadi sikuimitsa phukusili. Ngakhale akaunti itauma, ndalamazo zikhoza kudzadulidwa malipiro ena akangolowa.

Yambani ndi kupempha chikalata cha kayendedwe ka ndalama zanu, cholembedwa pamwamba kuti "extracto", cha miyezi itatu. Fufuzani mizere imene ikubwerezedwa mwezi uliwonse. Mawu akuti "comissão" ndi ndalama ya banki yeniyeniyo, pamene "prémio de seguro" ndi ya inshuwalansi. Kusiyana kumeneku n'kofunika, chifukwa kawirikawiri banki imangogulitsa inshuwalansiyo m'malo mwa kampani ina. Funsani wa pa kauntala ngati kalata yanu iyenera kufikanso ku kampaniyo.

Musanasiye, werengerani. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wina wa ku Ulongwe amadulidwa mametikali 150 pa mwezi, ndiye kuti 1,800 pa chaka. Akachotsa inshuwalansi, phukusi lonse likhoza kutha, n'kuyamba kulipira chilichonse pachokha: khadi 600 pa chaka, mauthenga 40 pa mwezi. Zonse zikukwana 1,080, ndipo wapulumutsa 720, osati 1,800 monga ankaganizira. Mitengo yeniyeni muiona pa ndandanda yolembedwa kuti "preçário", imene banki iyenera kuionetsa poyera.

Mukatsimikiza, lembani kalata yaifupi m'Chipwitikizi yokhala ndi dzina lanu, nambala ya akaunti, chimene mukusiya ndi tsiku. Tengani makope awiri ndi chitupa chanu, ndipo kope lanu alidinde ndi kulembapo tsiku. Mawu apakamwa okha, ngakhale a munthu wodziwana naye, sadzakuthandizani mwezi wamawa. Funsaninso tsiku limene kudulako kuthere, pakuti mapangano ena amafuna kuti muwadziwitse kukadali masiku angapo.

Pali malire. Ngati inshuwalansiyo inamangiriridwa ku ngongole, nthawi zambiri simungaichotse ngongoleyo isanathe. Ya maliro nayo mukaisiya, chitetezo chimatha ndipo zimene munapereka kale kawirikawiri sizibwezedwa.

Nkhani imasintha ngati simunasainepo chilichonse. Lamulo loteteza ogula, la nambala 22/2009, limati munthu sakakamizidwa kulipira chinthu chimene sanapemphe. Uzani banki ikuonetseni pamene munasaina, ndipo ikalephera, pemphani ndalama zanu. Akapitiriza kudula, lembani m'buku la madandaulo la pa bankipo. Akapanda kukuyankhani, kapena yankho likapanda kukukhutiritsani, tengani kalata yodindidwa ija ndi zikalata za akaunti kupita nazo ku nthambi ya Banco de Moçambique mumzinda wa Tete.